Samu yabwera pachithunzi: yambani mwatsimikiza zomwe zalembedwa, kusova kubwere pambuyo

Mayeso a MSCE akamayandikira, mafunso a masamu amayenda kwambiri pa WhatsApp. Wophunzira wa Fomu 4 ku Chibavi ajambula pepala la mayeso akale, atumizira mnzake ku Luwinga, mnzakeyo aliponya pagulu la kalasi, wina alitenga sikirinishoti n'kutumizira mchimwene wake amene ali ku Mzuni kuti amuthandize. Pofika kumeneko funsolo ladutsa m'mafoni anayi, ndipo tizizindikiro tina tating'ono tafufutika panjira. Wosovayo akhoza kutsata njira yolondola kuyambira mzere woyamba mpaka womaliza, koma ngati wawerenga molakwika kamzere kamodzi, ndiye kuti wayankha funso lina, osati lomwe lili papepala.

Ambiri amaganiza kuti kubwezera yankho musamu n'kokwanira kugwira vuto lotere. Sikokwanira ayi. Mukabwezera yankho, mumalibwezera musamu yomwe inu mwakopera m'kope, ndiye ngati munakopera molakwika, zonse zigwirizana bwinobwino pomwe funsolo si limenelo. Taonani 2x² − 7x + 3 = 0, yomwe mayankho ake ndi 3 ndi ½. Munthu amene waona pulasi pamalo pa mainasi asova 2x² + 7x + 3 = 0, apeza −3 ndi −½, abwezera, ziro atuluka, iye n'kukhutira. N'chifukwa chake kutsimikiza kawerengedwe ndi ntchito yapayokha, ndipo imachitika pensulo isanayambe kuwerengetsa.

Choyamba, onani ngati chithunzicho n'choyenera kuchikhulupirira

Chithunzi cha pafoni chimapangidwa ndi timadontho. Mukatumiza chithunzi pa WhatsApp mwa nthawi zonse, amachichepetsa kuti chisadye bandulo yambiri, ndipo timadonthoto timachepa. Tiyerekeze kuti chithunzi chatsala ndi timadontho 1600 m'litali mwake, ndipo wojambula anatenga pepala lonse la A4, lomwe ndi lotalika mamilimita 297. Milimita imodzi ya pepala yapeza timadontho tisanu tokha. Zilembo zikuluzikulu zimawerengekabe, koma kamzere ka mainasi kamene kali mu pawa n'kopyapyala kwambiri, mwina gawo limodzi mwa magawo asanu a milimita. Kameneko katsala ndi kadontho kamodzi m'kunenepa kwake, ndipo chithunzicho chikangochita chimbuuzi pang'ono, kamasowa. Kukulitsa chithunzi ndi zala sikubwezeretsa zomwe zinatayika, kumangokulitsa chimbuuzicho.

Choncho ngati amene ali ndi pepala mungathe kumupeza, mupempheni ajambulenso musanataye nthawi. Ajambule funso limodzi lokha, foni itayandikira moti mbali ya pepala ya masentimita 10 idzaze chithunzi. Pamenepo milimita imodzi ipeza timadontho 16, kuwirikiza katatu poyerekeza ndi poyamba. Pepala aligoneke patebulo, aliwongole makwinya, foni ikhale pamwamba pake penipeni osati chapambali, ndipo agogode pasikirini pamene pali samuyo kuti kamera ione bwino asanajambule. Mawu a funso ndi nambala ya funso zilowe m'chithunzi, chifukwa mudzazifuna. Potumiza asankhe HD, kapena atumize ngati Document, njira yomwe siichepetsa chithunzi ngakhale imadya bandulo yochulukirapo.

Kuwala nako n'kofunika, makamaka kuno ku Mzuzu m'miyezi ya Juni ndi Julaye pamene chifunga ndi mitambo zimachedwa kuchoka m'mawa, m'nyumba muli chimdima. M'kuwala kochepa kamera imachedwa kutseka, ndiye dzanja likangonjenjemera pang'ono, mizere yopyapyala imafalikira. Pafupi ndi zenera kapena pakhonde ndi pabwino. Usiku magetsi akazima, tochi ya foni ina iunikire chapambali, osati fulashi yolunjika, chifukwa fulashi imasiya chigamba choyera pa bolodi ndi pa zolemba za pensulo.

Funso limene titsate

Tiyeni titenge funso limodzi tiyende nalo. Lili pachithunzi cha pepala lomwe linachitidwa fotokope kangapo, ndipo mawu ake akuti tipeze yankho osagwiritsa ntchito kakyuleta. Pakuoneka 27 wamkulu. Kumanja kwake, chokwera pang'ono, pali kafulakishoni kakang'ono, 2 pamwamba ndi 3 pansi, ndipo kamzere kake kakuoneka kotalikirapo kumanzere. Kenako pali chizindikiro chochulukitsira, 2 wamkulu, ndi kafulakishoni kena, 1 pamwamba ndi 4 pansi. Funso lenileni, litalembedwa pamzere umodzi, chizindikiro cha ^ chikusonyeza pawa, ndi ili:

```
27^(-2/3) × 2¼
```

Yankho lake ndi ¼, chifukwa kyubu ruti ya 27 ndi 3, sikweya ya 3 ndi 9, mainasi ya mu pawa itembenuza 9 kukhala 1/9, ndipo 1/9 kuchulukitsa ndi 9/4 ndi ¼. Koma pachithunzi chosaoneka bwino funso lomweli limawerengeka m'njira zinanso zinayi. Amene sanaone mainasi apeza 9 kuchulukitsa ndi 9/4, yomwe ndi 20¼. Amene watsitsa pawa n'kuiyika pamzere awerenga 27 kuchotsa 2/3 × 2¼, apeza 25½. Amene wawerenga 2¼ ngati 21/4 apeza 7/12. Amene wakweza ¼ kukhala pawa ya 2 apeza pafupifupi 0.132. Mwa mayankho olakwika anayiwa, atatu ndi ooneka bwino, moti palibe chokukayikitsani mukangowayang'ana.

Pezani mzere umene zilembo zakhalapo

Musanayambe kutchula manambala, onani kaimidwe ka samu yonse. Chilembo chilichonse chachikulu chimakhala pa mzere umodzi wosaoneka, ngati mizere ya m'kope. Pezani mzerewo poyang'ana matako a manambala aakulu, pano 27 ndi 2. Ngati chithunzi chapendekeka, mzerewo nawo wapendekeka, ndipo apa ndi pamene anthu amasokonezeka: pachithunzi chomwe mbali ya kumanja yatsika, pawa imaoneka ngati ili pamzere, ndipo chomwe mbali ya kumanja yakwera, nambala wamba imaoneka ngati pawa. Wongolani chithunzicho mufoni, kapena ikani m'mphepete mwa kapepala pasikirini motsatira mawu a funso, popeza mawuwo ndi amene amasonyeza kupendekeka kwenikweni.

Mzerewo mukaupeza, funsani zinthu ziwiri pa kachizindikiro kalikonse kokayikitsa: kakula bwanji, ndipo kakhala pati. Pawa yosindikizidwa imakhala yaying'ono kuposa nambala yomwe yaikwera, ndipo imakhala chakumutu kwa nambalayo. Fulakishoni wamba, yomwe ndi gawo la nambala ngati 2¼, mzere wake umakhala cha pakati pa msinkhu wa nambala yaikuluyo, pamlingo umodzi ndi zizindikiro za +, −, × ndi =. Chimenechi ndi chopimira chodalirika kwambiri. Mufunso lathu yerekezani mizere ya mafulakishoni awiriwo ndi pakati pa ×. Mzere wa ¼ uli pamlingo wa ×, ndiye kuti ndi 2 ndi kota, osati pawa. Mzere wa 2/3 uli pamwamba pa mlingowo, cha kumutu kwa 7, ndiye kuti ndi pawa. Ndi kuyang'ana kumodzi kumeneku mwachotsa kale mayankho awiri olakwika, 25½ ndi 0.132.

Za 21/4 zija zimachitika kawirikawiri funso likalembedwanso ndi munthu pafoni, kapena likakopedwa ndi pulogalamu yotenga mawu pachithunzi. Mapulogalamu oterewa amakonda kuyala zonse pamzere umodzi, moti x² isanduka x2, 10³ isanduka 103, ndipo 30° isanduka 300. Ngati chomwe mwalandira ndi mawu otayipa osati chithunzi, pemphani chithunzi cha pepala lenilenilo.

Mainasi yobisala mumzere wa fulakishoni

Apa ndi pofunika kukhalapo pang'ono, chifukwa ndi pamene ngakhale odziwa masamu amagwa. Fulakishoni ikakhala ndi mainasi kutsogolo, mainasiyo imalembedwa pamlingo umodzimodzi ndi mzere wa fulakishoniyo. Zonse ziwiri ndi timizere topingasa, ndipo pakati pawo pali kampata kakang'ono chabe. Mu pawa, momwe zonse n'zochepa kale, kampatako n'kosakwana milimita. Inki ya fotokope ikafalikira, kapena chithunzi chikachepetsedwa, timizere tiwirito timalumikizana n'kuoneka ngati mzere umodzi wautali.

Njira yodziwira ndi iyi. Mzere wa fulakishoni umapitirira manambala ake mofanana mbali zonse ziwiri, ndipo manambalawo amakhala pakati pake. Mukaona kuti 2 ndi 3 akhala chakumanja kwa mzere, kumanzere kwatsala mchira wautali wopanda kanthu pamwamba kapena pansi, mchirawo ndi mainasi. Onaninso mpata wa pakati pa 27 ndi manambala a pawa. Popanda mainasi pawa imakhala mofinyana ndi nambala yake. Ngati pali danga lokwanira chilembo chimodzi, ngakhale likuoneka loyera, kayikirani kuti panali mainasi yomwe yafufutika. Ndipo yerekezani ndi fulakishoni ina papepala lomwelo: mzere wa ¼ ndi waufupi komanso wofanana mbali zonse, pomwe wa 2/3 ndi wautali pafupifupi kawiri ngakhale manambala ake ndi aang'ono. Kusiyana kumeneku si ngozi ya makina osindikizira.

Zolemba pamanja n'zovutirapo, chifukwa munthu sayeza timizere take. Pamenepo yang'anani momwe wolembayo walembera mainasi ndi mafulakishoni m'mafunso ena. Aliyense ali ndi chizolowezi chake, ndipo 1 ndi 7, kapena 5 ndi s, kapena x ndi ×, mumawasiyanitsa powayerekeza ndi ena olembedwa ndi dzanja lomwelo pamalo pomwe sangasokonekere, monga pa nambala ya funso kapena pa deti.

Koperani, kenako werengani mobwerera

Musasove mukuyang'ana pasikirini. Koperani funso m'kope ndi zilembo zikuluzikulu, momwe lakhalira, pawa pamwamba, fulakishoni yosanjikizana, osasintha kalikonse. Musafupikitse pokopera, musasandutse 2¼ kukhala 9/4 pa mzere woyambawu. Mzere woyamba ntchito yake ndi kufanana ndi chithunzi basi, kuti mukafuna kuyerekeza muthe kutero.

Mukatha, yerekezani kope ndi chithunzi kuyambira kumanja kupita kumanzere, chizindikiro chimodzichimodzi, mukutchula mokweza: 4 pansi, mzere, 1 pamwamba, 2 wamkulu, kuchulukitsa, 3 pansi, mzere, 2 pamwamba, mainasi, 7, 2. Kuwerenga mobwerera kuli ndi chifukwa chake. Mukawerenga kuchokera kumanzere, maso amathamangira zomwe mutu ukuyembekezera, ndipo munthu amene wasova mafunso ambiri ofanana amaona funso lomwe analizolowera m'malo mwa lomwe lili patsogolo pake. Mobwerera samu ilibe tanthauzo, ndiye maso amakakamizika kuona chilichonse pachokha. Pa samu yaitali werengani mamainasi ndi mabulaketi pachithunzi, muwerengenso m'kope, ziwerengerozo zifanane. Mabulaketi otsegula akhale ochuluka mofanana ndi otseka. Ngati sakufanana, mwina imodzi mwaiwerenga ngati 1.

Pomwe mukukayika zungulizani ndi pensulo, mulembe pambali njira zonse ziwiri zomwe pangawerengekere. Timadontho takuda ta fotokope timafanana ndi desimali, choncho onani ngati timadontho totere tamwazikanso m'mbali mwa pepala momwe mulibe zolemba.

Lolani samuyo ikuchitireni umboni

Olemba mafunso sasankha manambala mwachisawawa. Funso loti musagwiritse ntchito kakyuleta liyenera kutheka ndi mutu ndi pensulo. Mufunso lathu, ngati simukudziwa ngati nambala yoyamba ndi 27 kapena 21, onani pansi pa pawa: pali 3, kutanthauza kyubu ruti. 27 ndi 3 × 3 × 3, pomwe 21 alibe kyubu ruti yathunthu. Choncho 27 ndi 3 akuchitirana umboni, ndipo nthawi yomweyo mwatsimikiza kuti kanambala kapansiko si 8 kapena 5. Momwemonso 2 wokwezedwa ku pawa ya ¼ sangatheke popanda kakyuleta, zomwe zikugwirizana ndi zomwe tinaona pa mlingo wa mzere.

Koma dziwani pamene umboni umenewu umathera. Umathandiza kukana kawerengedwe kosatheka, koma sungasankhe pakati pa mawerengedwe awiri omwe onse ndi otheka. Pa mainasi ija, ¼ ndi 20¼ onse ndi mayankho abwino. Wina anganene kuti 1/9 ndi 9/4 zikudyana bwino kwambiri moti wolemba ayenera kuti anafuna zimenezo, ndipo maganizowo ndi omveka, koma amangowonjezera pa zomwe maso aona, salowa m'malo mwake. Choipa kwambiri ndi kusintha funso kuti yankho likome. Mafunso ena amakhaladi ndi mayankho osaoneka bwino, makamaka omwe amanena kuti yankho liperekedwe ndi madesimali awiri, ndipo mawu amenewo ndi chizindikiro choti musayembekezere nambala yathunthu.

Kukayika kukatsala, funsani mwini pepala funso lolunjika. Mukangoti "sizikuoneka bwino" adzakutumizirani chithunzi china chonga choyambacho. Nenani kuti: "Achimwene, pa funso lachitatu, pakati pa 27 ndi 2/3 pali mainasi kapena palibe? Tayang'anani papepala lenilenilo." Ngati mwini pepala sakupezeka, sovani njira zonse ziwiri, ndipo pamwamba pa iliyonse mulembe momwe mwawerengera funso. Amene mukumuthandiza akatenga pepala lake adzadziwa yekha yomwe ili yake.

Kutalika kwa mzere, ndi kutayipa zomwe mwawerenga

Pali chinthu chimodzi chomwe funso lathu lilibe koma chimawononga mafunso ambiri: kufika kwa mzere. Mzere wa fulakishoni umagwira ntchito ya bulaketi, ndipo zonse zomwe zili pamwamba pake zimagawidwa pamodzi. Tengani samu yomwe ili ndi x + 1 pamwamba pa 2, kuchotsa x − 3 pamwamba pa 5, zofanana ndi 2. Kuilemba bwino pafoni kapena mukakyuleta ndi motere:

```
(x + 1)/2 - (x - 3)/5 = 2
```

Tikachulukitsa zonse ndi 10 tipeza 5(x + 1) − 2(x − 3) = 20, kenako 3x + 11 = 20, ndipo x ndi 3. Koma munthu akatayipa popanda mabulaketi, wolandirayo awerenga x + 1/2 − x − 3/5 = 2. Pamenepo ma x awiriwo adyana, patsala −1/10 = 2, zomwe n'zosatheka. Mukaona x wasowa pa samu yomwe akuti mupeze x, musanene kuti funso ndi lolakwika musanabwerere kuchithunzi kukaona pomwe mzere uliwonse wayambira ndi pomwe wathera.

Denga la sikweya ruti lili chimodzimodzi. Likaphimba 9 + 16 yense yankho ndi 5, koma likathera pa 9 yankho ndi 19. Ikani chala pomwe dengalo lathera, muone chilembo chomwe chili pansi pake. Ndipo kanambala kakang'ono kokhala pakhonde la ruti si kochulukitsira: kyubu ruti ya 8 ndi 2, pomwe 3 kuchulukitsa ndi sikweya ruti ya 8 ndi pafupifupi 8.49. Chopimira chake n'chomwe chija, kukula ndi malo.

Potumizira munthu yankho, mzere woyamba ukhale funso momwe mwaliwerengera, lotayipa ndi mabulaketi okwanira: pawa yonse m'bulaketi pambuyo pa ^, zapamwamba pa fulakishoni m'bulaketi, zapansi m'bulaketi, ndipo 2¼ muilembe (2 + 1/4) kuti isasanduke 21/4 pafoni ya mnzanu. Mumuuze ayerekeze mzerewo ndi pepala lake asanawerenge zotsatira, makamaka pamalo pomwe inu munazunguliza ndi pensulo.